Umboni wotani umene ungatsutse kuti msika wa masheya ndi watcheru?

"Akuluakulu, ndithandizeni. M'kalasi tikuphunzira za efishensi ya msika wa masheya, ndipo akuti ili m'milingo itatu: wofooka, wapakati ndi wamphamvu. Matanthauzo ndawaloweza, koma funso likamati ndi umboni wotani umene ungatsutse mlingo uliwonse, mutu ukuima. Kodi mitengo ikagwa mwadzidzidzi, si umboni wokwanira umenewo?"

Achimwene, ayi, kugwa kwa mitengo pakokha si umboni, ndipo mukamvetsa chifukwa chake, zotsalazo zikuyenderani bwino.

M'malo mwa efishensi, ine ndimakonda kunena kuti msika watcheru. Tanthauzo lake n'lakuti nkhani iliyonse yokhudza kampani imalowa mumtengo wa sheya yake msanga, moti inu mukamafika nayo mumapeza ena aigwiritsa kale ntchito. Sizikutanthauza kuti mtengo umalosera zam'tsogolo. Nkhani yoipa imene palibe amene ankaidziwa ikatuluka lero, mtengo uyenera kugwa lero lomwe, ndipo kugwako ndiye kutcheru kwenikweniko. Umboni wotsutsa uyenera kukhala wina: njira yogulira ndi kugulitsa imene munthu akanatha kuilemba papepala zinthu zisanachitike, yopereka phindu loposa loyenera chiopsezo chake, mobwerezabwereza, ngakhale mutachotsa misonkho ndi ndalama za buloka, amene amakugulirani ndi kukugulitsirani masheya. Milingo itatu ija, imene Eugene Fama wa ku yunivesite ya Chicago anaitchukitsa mu 1970, imangosiyana pa funso limodzi: njira yanuyo ikugwiritsa ntchito nkhani ziti?

Mlingo wofooka ukunena za mbiri ya mitengo yokha, pamodzi ndi kuchuluka kwa masheya amene anagulitsidwa. Ukuti kuyang'ana m'mene mtengo unayendera dzulo, mwezi watha kapena chaka chatha sikungakulemeretseni. Wofuna kuutsutsa asonyeze kuti zakale zikulosera zamawa mokwanira kupezerapo ndalama. Umboni wolemera kwambiri pamenepa ndi wa Narasimhan Jegadeesh ndi Sheridan Titman mu 1993. Iwo anatenga mitengo ya ku America kuyambira 1965 mpaka 1989, n'kumasanja masheya malinga ndi m'mene anachitira m'miyezi 6 yapitayo. Kenako anayerekeza kugula gulu limene linakwera kwambiri, kugulitsa limene linatsika kwambiri, n'kudikira miyezi ina 6. Kusiyana kwake kunali pafupifupi 1 peresenti pamwezi. Taonani kuti sanawerenge lipoti la kampani ngakhale limodzi. Anangoyang'ana mitengo basi, n'chifukwa chake umboniwu ukugunda mlingo wofooka.

Koma pano pali msampha umene umatikhudza ife kwathu kuno. Msika wathu wa ku Blantyre, umene kampani yoyamba inalowapo mu 1996, uli ndi makampani ochepa, ndipo masheya ena amatha masiku angapo osagulitsidwa. Nthawi ina ndinakopera mitengo ya sheya imodzi tsiku ndi tsiku, ndipo mzere wake unali wa nambala imodzimodzi kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu, kenako kudumpha pang'ono, kenako bata. Mukaika manambala otere m'kompyuta, makamaka a msika wonse pamodzi, idzakuuzani kuti mtengo wa lero ukutsatira wa dzulo. Zoona zake n'zakuti mtengo wolembedwawo ndi wa malonda omaliza, mwina a sabata yatha. Mukanapita kukagula pamtengo umenewo simukanapeza wogulitsa. Choncho mukaona kafukufuku wonena kuti msika waung'ono walephera mlingo wofooka, funsani ngati anakonza vuto la masiku opanda malondawa, ndiponso ngati phindu lake likanatsala buloka atatenga zake.

Mlingo wapakati ndi umene ndikufuna tikhalepo pang'ono, chifukwa mkangano weniweni uli pamenepa. Uwu ukuphatikiza zonse zimene zalengezedwa poyera: malipoti a phindu, dividendi, kusintha kwa chiwongoladzanja, kusintha kwa mabwana, nkhani za m'nyuzipepala. Pouyesa amatenga tsiku la chilengezo kukhala tsiku la 0, n'kuona m'mene mtengo unayendera chilengezo chisanafike ndi pambuyo pake.

Tiyerekeze ndi manambala ongopeka kuti muone m'mene amawerengera. Sheya ili pa K1,000. Kampani yalengeza phindu loposa limene anthu ankayembekezera, ndipo tsiku lomwelo mtengo wafika pa K1,100, kukwera kwa 10 peresenti. Koma msika wonse tsiku limenelo wakweranso ndi 2 peresenti, ndipo sheyayi kawirikawiri imayenda mofanana ndi msika. Ndiye 2 peresentiyo tiichotse. Yotsala, 8 peresenti, ndiyo yabwera chifukwa cha nkhaniyo. Mpaka apa palibe chotsutsa chilichonse. Chofunika ndi masiku otsatira. Ngati nkhani yonse inalowa mumtengo tsiku la 0, ndiye kuti amene wagula mawa lake pa K1,100 sayenera kupeza choposa chimene msika ukupereka. Koma mukapeza kuti m'miyezi itatu yotsatira msika sunasunthe pamene sheyayi yakwawa mpaka K1,150, ndipo zomwezi zikuchitika pa zilengezo mazanamazana, ndiye kuti msika unamva nkhani koma unaimeza pang'onopang'ono. Aliyense wowerenga nyuzipepala akanatola K50 imeneyo. Kampani imodzi siikwanira, chifukwa ikhoza kukhala kuti inalandira nkhani ina yabwino pakatipo.

Kukwawa kumeneku kulipodi. Ray Ball ndi Philip Brown anakuona mu 1968, ndipo Victor Bernard ndi Jacob Thomas anakuyesa mozama mu 1989, poyang'ana masiku 60 amalonda pambuyo pa chilengezo. Anapeza kuti makampani a nkhani yabwino amapitiriza kukwera, a nkhani yoipa amapitiriza kutsika, ndipo zimakula kwambiri m'makampani ang'onoang'ono. Kwa ine uwu ndi umboni wovuta kuuthawa.

Komabe woteteza ganizo la msika watcheru ali ndi khomo lotulukira, ndipo muyenera kulidziwa. M'chitsanzo chathu tinati sheyayo imayenda mofanana ndi msika. Limenelo ndi ganizo lathu la chiopsezo chake. Wina akhoza kunena kuti tachepetsa chiopsezocho, ndipo K50 ija ndi malipiro oyenera a munthu amene wasenza katundu wolemera. Nthawi zonse mukamayesa kutcheru kwa msika mumakhala mukuyesanso njira yanu yoyezera chiopsezo, ndipo zotsatira zikasokonekera simungadziwe msanga kuti cholakwa chili pati. Fama mwiniwake anavomereza vuto limeneli.

N'chifukwa chake nkhani ya Palm ndi 3Com ndimaiona yamtengo wapatali, poti siifuna kuyeza chiopsezo. Pa 2 Malichi 2000 kampani ya ku America ya 3Com inagulitsa pamsika kagawo kochepa, pafupifupi 5 peresenti, ka kampani yake ya Palm, yopanga timakompyuta tam'manja. Inalengeza poyera kuti masheya otsalawo idzawagawira eni ake a 3Com, pafupifupi masheya 1.525 a Palm pa sheya iliyonse ya 3Com. Tsiku limenelo Palm inatseka pa madola 95. Chulukitsani 95 ndi 1.525, mupeza pafupifupi madola 145. Ndiye sheya ya 3Com, yokhala ndi madola 145 a Palm m'mimba mwake kuphatikizapo bizinesi yake ina yonse ndi ndalama zake za kubanki, siyikanayenera kutsika kuposa pamenepo. Inatseka pa madola pafupifupi 82. Msika unkanena kuti zonse zotsala za 3Com mtengo wake ndi madola 63 pansi pa ziro, chinthu chosatheka, chifukwa mwini sheya sangataye zoposa zimene anaikamo. Nyuzipepala zinalemba za kusiyanaku, koma kunakhalapo kwa milungu.

Mungafunse kuti bwanji anthu sanangotola ndalamazo. Njira yake inali kugula 3Com, kubwereka masheya a Palm n'kuwagulitsa pamtengo wokwerawo, n'kudzawabweza akalandira gawo lawo. Koma masheya a Palm pamsika anali ochepa, moti obwereka anali osowa ndiponso odula. Owen Lamont ndi Richard Thaler, amene anaifufuza nkhaniyi, anasonyeza zimenezi bwino. Apa pali zinthu ziwiri zimene anthu amazisakaniza. Kunena kuti mtengo ndi wolondola ndi nkhani ina, kunena kuti palibe ndalama yongotola ndi nkhani inanso. Palm inagwetsa yoyambayo, koma yachiwiriyo inangogwedezeka. Poyankha mayeso, nenani momveka kuti umboni wanu ukulimbana ndi iti.

Mlingo wamphamvu sufuna mawu ambiri. Ukuti ngakhale zinsinsi za m'kati mwa kampani zili kale mumtengo, moti bwana wamkulu amene waona mabuku asanatuluke sangapindule nazo. Kuutsutsa n'kusonyeza kuti am'katiwo amapindula, ndipo amapinduladi. Ku America akuluakulu a makampani amakakamizidwa kuulula akagula kapena kugulitsa masheya a kampani yawo, ndipo Jeffrey Jaffe mu 1974 ndi Nejat Seyhun mu 1986 anapeza kuti malonda awowo amaposa msika. Milandu nayo ndi mboni: Raj Rajaratnam wa kampani ya Galleon anapezeka wolakwa mu 2011 pogula masheya ndi nkhani zachinsinsi, n'kulamulidwa kukhala m'ndende zaka 11. Chinsinsi chikanakhala chopanda phindu, palibe akanaika moyo wake pachiswe chifukwa cha icho. Fama naye sananene kuti mlingo uwu ndi m'mene dziko lilili. Anauika ngati muyezo wofananitsira.

Chenjerani ndi umboni umodzi umene umasokoneza ophunzira ambiri. Kawirikawiri mtengo wa kampani imene ikufuna kugulidwa ndi ina umayamba kukwera masiku angapo chilengezo chisanatuluke. Ena amati izi zikutsimikizira mlingo wamphamvu, poti chinsinsi chalowa mumtengo. Koma yang'anani tsiku la chilengezo lenilenilo. Ngati mtengo wadumphabe kwambiri tsikulo, ndiye kuti chinsinsi chinangodontha pang'ono, ndipo amene anagula mwakachetechete aja apindula.

Pomanga yankho lanu, kumbukirani kuti milingoyi ili ngati miphika yolowetsana. Mitengo yakale ndi gawo la nkhani zapoyera, ndipo zapoyerazo ndi gawo la nkhani zonse. Choncho umboni wa Jegadeesh ndi Titman, ngati waima, ukugwetsa milingo yonse itatu. Kukwawa kwa mtengo pambuyo pa chilengezo kukugwetsa wapakati ndi wamphamvu, koma sikunena kanthu za wofooka. Phindu la a Rajaratnam likugwetsa wamphamvu wokha. Ndipo wina m'gulu muno akakuuzani kuti sheya imene anagula chaka chatha mtengo wake wawirikiza kawiri, mufunseni njira imene anasankhira, kuti anailemba liti, ndiponso kuti masheya ena amene anasankha ndi njira yomweyo anatha bwanji.