Bwana wa ku China akakulemberani 666

"Abale, ndatumiza lipoti la sitoko kwa bwana wathu wa ku China, iye wangoyankha 666 ndi 🙂. Mtima suli m'malo. Ndisiye ntchito?"

Achemwali, musasiye ntchito, ndipo foniyo musaonetse munthu kuntchitoko. Ndikulemba manja akunjenjemera chifukwa nambala yomweyo inandichotsera ulemu kuno ku Kasungu.

Bwanayo wakuyamikirani. M'chinenero chawo 6 amati liu, ndipo amamveka ngati mawu ena otanthauza kuti chinthu chayenda myaa, mwaluso. Zinayamba ndi anyamata osewera magemu pa intaneti, wina akamenya bwino anzake amangolemba 666, kenako zinafalikira kwa aliyense. Kwa iwo 6 ndi nambala yamwayi, mpaka amalipira ndalama kuti ikhale pa nambala ya foni kapena ya galimoto. Za Chivumbulutso 13:18 zomwe tinakula nazo ife, ambiri mwa iwo sanazimvepo n'komwe.

Ine ndinali kalaliki pa sikelo, nyengo yogula soya. Tsiku lina tinadzaza thiraki dzuwa lisanapendeke, matumba osokedwa bwino, kulemera kwake kogwirizana ndi za m'buku. Ndinajambula n'kutumizira bwana wathu, nayenso wa ku China, iye n'kuyankha 666. Foni inali pa tchaja mu ofesi, ndipo kapitawo wathu, munthu amene ndinkadya naye nsima mbale imodzi, anawerenga uthengawo n'kuujambula ndi foni yake. Iyeyu anagwira ntchito ndi anthu a ku China zaka zambiri, tanthauzo ankalidziwa bwino lomwe. Chomwe ankafuna ndi mpando wanga kuti alowetsepo mlamu wake.

Pofika Lamlungu chithunzi chija chinali chitazungulira magulu onse a WhatsApp a kudera kwathu, pansi pake atalemba kuti ndalowa za sataniki. Akulu ampingo anandiitanitsa mapemphero atatha. Ndinakhala pa benchi ndekha, iwo atandandalika kutsogoloku, wina atatsegula Baibulo pa vesi lomwelo, foni yanga ili pa tebulo ndipo palibe amafuna kuikhudza. Anandifunsa kuti njinga yamoto ndinaigula ndi ndalama zochokera kuti. Njinga ya ngongole, abale! Panja mayi anga atafunda chitenje kumutu akulira, kufunsa kuti mwa adzukulu awo ndapereka uti. Mkazi wanga anamubwezera masheya ake ku banki mkhonde, ati ndalama zathu sangazisakanize ndi zawo. Bwana ndinamupempha kuti afotokoze, anaseka n'kulemba kuti zikutanthauza "very good", koma anthu anati mukuona, akubisana. Kapitawo uja mpaka lero amandipatsa moni pa depoti ngati sanachite kanthu, ndipo ine sindinamukhululukire.

Tsono chomwe muyang'anitsitse pa uthenga wanuwo ndi kankhopeko, 666 ilibe vuto. Ife 🙂 timaiona ngati kumwetulira basi. Pa WeChat, pulogalamu yawo yochezera yonga WhatsApp, achinyamata a ku China amaitumiza akanyansidwa nawe, chifukwa pakamwa pokha ndi pomwe pakuseka, maso ali gwa, ngati munthu woti wakwiya koma akudzigwira. Akuluakulu, a zaka za makolo athu, amaitumiza ndi mtima woyera. Ndiye onani msinkhu wa bwana wanuyo, muonenso zomwe zatsagana nayo. Ikabwera pamodzi ndi 666 mutagwira bwino ntchito, palibe nkhawa. Koma ikabwera yokhayokha kuchokera kwa wachinyamata, inu mutachedwetsa lipoti kapena mutapempha adivansi, dziwani kuti zinthu sizili bwino, konzani msanga.

Manambala ena mudzakumana nawo. 88 ndi kutsanzika, chifukwa 8 amati ba, ndiye ba ba ikumveka ngati bayibayi. 555 kwa Mtchaina ndi kulira, pomwe kwa munthu wa ku Thailand ndi kuseka ngati kkkk yathuyi, poti kumeneko 5 amati ha. Ndipo musadzamulembere 250 payokha ngati yankho, kwawo ndi kumunena munthu kuti chitsiru. Ngati ndi matumba, lembani kuti matumba 250.

Mufunseni yekha bwanayo mwaulemu kuti amatanthauza chiyani, yankho lake mulisunge, ngakhale ine yankho lotero silinandipulumutse. Ndanena kuti musaonetse munthu, komabe amuna anu ndi abusa anu aonetseni lero lomwe, muwafotokozere nokha nkhani isanawapeze kudzera kwa ena. Foni muike loko, ndipo potchaja mu ofesi muzikhala nayo pafupi.