Mwana wamanyazi ndi bwalo la mafunso a Chingerezi

"Ndimaphunzitsa Sitandade 3, ndipo ndili ndi ana angapo amene amalemba bwino Chingerezi koma ndikawafunsa funso amangozyolika. Ndinayesa kukhazika kalasi yonse mozungulira kuti aziyankhulana, koma sizinathandize. Kodi ndikulakwitsa pati?"

Aphunzitsi, ndikuona kuti vuto lagona pa kukula kwa bwalolo. Mwana wamanyazi amaopa maso a anthu kuposa Chingerezi chenichenicho, ndipo bwalo la kalasi yonse limamuunjikira maso ambiri kuposa pamene ali pamzere. Musaiwalenso kuti ana athu ambiri analeredwa kuti asamapanikize wamkulu ndi mafunso, choncho inu mukaima pakati pa bwalo, ulemu womwewo umawatseka pakamwa.

Agaweni m'magulu a ana 6 kapena 8, akhale pansi moyandikana kuti ngakhale mawu otsika amveke, ndipo gulu lililonse mulipatse chitsononkho. Amene wagwira chitsononkho ndiye amafunsa mnzake woyandikana naye, ndipo woyankhayo akachilandira amatembenukira wotsatira n'kumufunsa funso lomwelo. Funso likhale limodzi lokha, loti onse alinenapo kale pamodzi kangapo, ndipo mphindi 10 n'zokwanira. Wamanyaziyo mumuike pamalo achitatu kapena achinayi. Akakhala woyamba alibe womutsanzira, pamene akakhala womaliza mantha amamukulira nthawi yonse imene akudikira.

Mtsikana wina amene ndinkamuphunzitsa ankalandira chitsononkho n'kuchiponya msanga pamiyendo ya mnzake ngati chotentha, milomo yokha ikugwedera. Sindinamuuze kuti akweze mawu, chifukwa kutero kukanaitana maso onse aja. Ndinapanga mabwalo awiri, lamkati ndi lakunja, ana akuyang'anizana awiriawiri, onse n'kumayankhula nthawi imodzi, ndipo ndikawomba m'manja akunja ankasunthira kwa mnzawo wotsatira. M'phokosolo iye anayamba kuyankha, popeza womumva anali mmodzi yekha. Kufunsa kunamutengera nthawi yotalikirapo, ndipo zimenezi sizinandidabwitse, pakuti woyankha amabwereka mawu a m'funso pamene wofunsa amayamba yekha. Atayamba, ankasokoneza mawu a Chingerezi otanthauza "langa" ndi "lako", moti ankafunsa mnzake kuti dzina langa ndani. Sindinamudule mawu; tsiku lotsatira tonse tinabwereza mawu awiriwo, tikudziloza pachifuwa kenako n'kuloza mnzathu.

Chimene muyenera kuchenjera nacho ndi mayankho ofanana. Mukamva ana onse akunena kuti ali ndi zaka 8, kapena kuti onse amakonda nthochi, dziwani kuti akungoloweza mawu a mnzawo osamva funso. Zikatero mupatse mwana aliyense chinthu chakechake, wina mwala, wina tsamba, wina choko, ndipo funso likhale lofunsa chimene wagwira, kuti yankho la mnzake lisamuthandizenso.