Chithunzi chimodzi pa silaidi: yankho kwa achimwene a ku Makhanga

"Moni akulu. Ndili mu komiti ya m'mudzi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi kuno ku Makhanga, ndipo sabata ya mawa ndikukayankhula ku Boma pamaso pa akhonsolo ndi amabungwe kupempha kuti atikonzere mijigo itatu yomwe inakwiririka ndi mchenga. Masilaidi ndili nawo 8, zithunzi mufoni zilipo zambirimbiri, ndiye ndaika zinayi kapena zisanu paliponse, mnzanga wawonjezera ka dontho ka madzi ndi manja ogwirana chanza za pa intaneti kuti zikongole. Koma ndikaziona zikundisokoneza ndekha. Ndichotse ziti?"

Zikomo achimwene chifukwa cha imelo yanu. Yambani ndi kuchotsa ka dontho ndi manja aja, osawamvera chisoni ayi. Aliyense amene adzakhale mu holo imeneyo madzi amawadziwa, chanza amachidziwanso, zomwe sakuzidziwa ndi mmene mjigo wanu ukuonekera lero. Chithunzi chokongoletsa sichikhala phee pakona ngati mmene timaganizira, maso amathamangira komweko kaye, ndiye pamene inu mukutchula chiwerengero cha mabanja omwe akumwa madzi a mumtsinje wina ali kalikiliki kuyang'ana manja a anthu ovala masuti omwe sanapondeko ku Nsanje. Katswiri wina wa zamaphunziro wa ku Amereka, Richard Mayer, anafufuza zimenezi kwa zaka zambiri ndipo anapeza kuti anthu amamvetsa bwino phunziro ukachotsamo zithunzi ndi mawu zosangalatsa koma zosakhudzana ndi mfundo. Ine ndimagwirizana naye kwathunthu.

Tsopano pa zithunzi zanu zenizeni paja ndi pamene pali ntchito, chifukwa zonse ndi zoona ndipo zonse zimakupwetekani mtima, ndiye kusiya china kumakhala ngati mukubisa mavuto a anthu anu. Koma musayambire ku zithunzi. Tsekani foni kaye, tengani pepala, pa silaidi iliyonse lembani chiganizo chimodzi chomwe mukufuna munthu apite nacho kwawo. Osati mutu wongoti "Mijigo" ayi, chiganizo chathunthu, monga "Mjigo wa pasukulu unakwiririka mpaka pa chogwirira". Chiganizocho chikhale mutu wa silaidi. Mukatero ndi pamene mutsegule foni ndi kufunsa chithunzi chilichonse kuti, kodi munthu wokayika mawu angawa akaona ichi akhulupirira? Chomwe chayankha bwino kuposa zinzake ndi chomwe chikwere, zinazo zitsale.

Tiyeni tiyese pa silaidi yomweyi ya mjigo wa pasukulu. Tinene kuti muli ndi zinayi: china madzi osefukira ali mbwee dambo lonse, china amayi ali pamzere ndi zigubu, china inuyo ndi akomiti mwaima pamodzi, china mjigo weniweniwo uli mumchenga. Cha madzi osefukira chija ndi champhamvu zedi, ndikudziwa mukuchikonda, koma chikunena nkhani ina. Aliyense mu holomo anaona zomwe anachita namondwe Freddy mu Malichi 2023, ambiri akukumbukiranso namondwe Ana mu Januwale 2022 ndi chigumula cha 2015 pamene Ruo ndi Shire zinazunza dera lanulo, ndiye mukaonetsa madzi anthu ayamba kukamba za msasa, za kusamuka, za mabwato, mjigo wanu waiwalika. Cha akomiti ndi cha lipoti basi. Cha amayi a zigubu ndi chabwino koma malo ake ndi silaidi yotsatira, yomwe ikunena komwe anthu akutunga madzi pano. Chatsala ndi cha mjigo, ndipo ngati munaujambula uli wokha pamchenga ndikupemphani mubwerereko mukajambulenso munthu wamkulu ataima pambali pake, kapena khasu litatsamira pamenepo, chifukwa popanda choyerekezera munthu sangadziwe ngati mchengawo ndi wofika m'kakolo kapena m'chiuno. Jambulani m'mawa dzuwa lili kumbuyo kwanu, foni mutaigoneka chopingasa poti silaidi nayonso ndi yopingasa.

Chithunzi chimodzicho chikhale chachikulu, chidye theka la silaidi kapena kuposa. Apa pali chifukwa china chomwe anthu opanga masilaidi ali muofesi amaiwala. Kuchigwa kuno kutentha sikulola kutseka mawindo, holo imakhala yowala, pulojekita ikuponya pakhoma la laimu, ndiye mitundu imafuwa yonse. Tizithunzi tinayi tating'ono tomwe pa laputopu tikuoneka bwino, kwa munthu wa pa benchi yakumbuyo ndi timabanga chabe. Chithunzi chakuda chojambulidwa madzulo kapena pamthunzi wa mtengo ndiye chimasoweratu.

Pokuza, kokani pa ngodya ya chithunzi osati m'mbali, mukakoka m'mbali anthu amafupika ndi kunenepa, mjigo nkuoneka wopindika. Ngati muli zambiri zosafunika, thambo lalikulu, mbuzi ikudutsa, njinga ya munthu, dinani chithunzicho mu PowerPoint, pitani pa Picture Format musankhe Crop mudule mpaka mjigo ukhale pakati pa nkhani. Ndipo chenjerani ndi zithunzi zomwe zayenda pa WhatsApp, zimafika zitafinyidwa, ukazikuza zimachita mbuu ndi timabokosi m'mphepete mwa zinthu. Silaidi yodzaza sikirini ya masiku ano imafuna chithunzi cha mapikiselo pafupifupi 1920 m'litali ndi 1080 m'lifupi, ndipo kamera ya foni zambiri imaposa pamenepo, vuto limabwera potumiza basi. Muuzeni amene anajambulayo atumize ngati Document, kapena musamutse ndi chingwe.

Pansi pake lembani kamzere kamodzi, malo ndi mwezi womwe munajambula. Amabungwe amaona zithunzi za chigumula zambiri ndipo zina zimangozungulira chaka ndi chaka, ndiye tsiku ndi dzina la mudzi ndi zomwe zimapangitsa chanu kukhala umboni. Ngati mukuoneka nkhope ya munthu mupempheni kaye, akakhala mwana pemphani makolo, ndipo ine sindikonda nkomwe kuonetsa mwana akulira kapena wosavala pofuna kukoka chisoni, ndi anthu athu amenewa ndipo mawa tikumana nawo pamsika.

Mijigo ndi itatu, ndiye mwina mukuti nanga iwiri inayo? Ipatseni silaidi yake uliwonse, masilaidi salipiritsa. Malo amodzi okha omwe ndimalola zithunzi ziwiri ndi pamene mfundo yake ndi kufananitsa, mjigo usanakwiririke ndi utakwiririka, koma zikhale zofanana kukula ndipo zojambulidwa mbali imodzi, apo ayi anthu ataya nthawi kufufuza ngati ndi malo omwewo.

Silaidi ya bajeti isakhale ndi chithunzi chilichonse, ngakhale ka thumba ka ndalama. Manambala akuluakulu owerengeka basi, mpata woyera wotsalawo usakuopseni. Ikafika nthawi yoti mupemphe, dinani B pa kiyibodi, sikirini ida, maso onse abwera kwa inu, mukadinanso B silaidi ibwerera.

Musanakwere ulendo wa ku Boma, itanani munthu amene sali mu komiti, muimikeni patali ndi laputopu ngati masitepe asanu, muonetseni silaidi iliyonse kwa masekondi atatu nkuitseka, kenako mufunseni waona chani. Akati "mjigo uli mumchenga" silaidiyo yatheka. Akati "anthu ambiri" kapena "madzi", kapena akayamba kufunsa kuti uja wavala malaya ofiirayo ndi ndani, bwererani mufoni mukasankhe china kapena mudule chomwecho.