Lipoti la masamba 14: chodula, chosunga ndi chophatikiza

"Ndine mlembi wa bungwe lathu la maliro kuno ku Joni, timakumana ku Mayfair. Lipoti la pachaka latalika masamba 14, ndipo tikufuna mamembala avomere kuti chopereka cha pamwezi chikwere kuchoka pa R100 kufika pa R150. Apampando akuti ndilifupikitse. Ndiyambire pati?"

Alembi, musalidule pafoni kapena pakompyuta. Kalisindikizeni papepala, mbali imodzi yokha, mizere yotalikirana kuti cholembera chipeze malo. Ndime iliyonse muipatse nambala m'mphepete, kuyambira yoyamba mpaka yomaliza. Kenako ikani cholembera chofiira pansi, muwerenge lonse kamodzi osalemba kanthu. Ambiri amayamba ndi kukonza masipelo patsamba loyamba, ndipo ndime imene munthu waivutikira safunanso kuitaya, ngakhale ikhale yopanda ntchito.

Mukamaliza, lembani pamwamba pa tsamba loyamba chiganizo chimodzi: "Mamembala avomere R150." Muyeso wanu ndi umenewo. Powerenga kachiwiri, ndime iliyonse muifunse kuti, kodi ikachoka imeneyi, membala angathebe kuvota akudziwa chimene akuvotera? Ngati sangathe, lembani S pambali pake, kutanthauza sunga. Ngati angathe, koma wina wokayikira angaimirire n'kunena kuti "tionetseni umboni", lembani P, phatikiza, kutanthauza kuti ipite ku zophatikiza za kumbuyo kwa lipoti. Ngati palibe angaifunse, lembani D, muidule ndi mzere umodzi wopingasa. Musaifute yonse, mwina mawa muifunanso.

Povuta kwambiri ndi pakati pa S ndi P, chifukwa kawirikawiri zonse ziwiri zimakhala m'ndime imodzi. Tiyerekeze kuti ndime 17 ikufotokoza maliro amene munatumiza kumudzi chaka chino: tsiku limene munthu anamwalira, ndalama za bokosi, za kukonza thupi, za mapepala, za galimoto kudzera pa Beitbridge mpaka ku Mangochi, ndi mayina a amene anaperekeza. Ndimeyi musaisunge yonse, musaisamutsenso yonse. Zungulizani ndi chofiira manambala amene chigamulo chikudalira: maliro angati, onse pamodzi anadya ndalama zingati, ndipo m'thumba munalowa zingati. Amenewo atsale m'lipoti, m'ziganizo ziwiri. Mndandanda wa mtengo wa chinthu chilichonse ndi malisiti zipite ku Chophatikiza A, ndipo pamene zachokapo mulembe kuti "onani Chophatikiza A, tsamba 2". Chophatikiza chimene lipoti silikuchitchula paliponse palibe amachitsegula. Mukabisanso nambala yaikuluyo kumbuyo, anthu adzavota kuti ayi, chifukwa pamsonkhano sanamve kuti thumba likuchepa.

Chenjerani ndi P. Munthu akamamvera chisoni zimene analemba, chilichonse amachikankhira kumbuyo, mapeto ake lipoti masamba atatu, zophatikiza khumi ndi limodzi, osadula kanthu. Mukaona kuti ma P achuluka kuposa ma D, bwererani. Mbiri ya mmene bungwe linayambira, moni wa maudindo onse, mfundo imene mwainena kale patsamba 2 n'kuibwereza patsamba 9, zonsezi ndi D basi. Kuthokoza kutsale, poti ndi mwambo wathu, koma ziganizo ziwiri zakwana. Ndime zikafanana, sungani imene ili ndi nambala kapena tsiku.

Pali zina zosayenera kupita ngakhale ku zophatikiza. Mayina a amene sanalipire, manambala a mapasipoti ndi a akaunti ya munthu zikhale m'buku la msungichuma. Lipoti likangolowa pa WhatsApp limayenda kutali, ndiponso kuno kuli lamulo la POPIA loteteza zinsinsi za anthu. Ingolembani kuchuluka kwa amene ali ndi ngongole ndi ndalama zonse zimene zatsalira.

Poti lipotili liwerengedwa mokweza, ganizirani nthawi. Tsamba lodzaza limatenga pafupifupi mphindi zitatu, ndiye masamba 14 ndi mphindi zoposa 40, anthu ena akuganiza za takisi yobwerera ku Diepsloot. Lingani masamba atatu kapena anayi.

Mukasintha pakompyuta, sungani fayilo yakaleyo ndi dzina lina, musailembe pamwamba. Sindikizaninso, muwerenge mokweza, mukusaka mabala a kudulako: "monga tanena pamwambapa" pamene pamwambapo palibenso kanthu, "chifukwa chachitatu" pamene chachiwiri munachidula, kapena mawu akuti "iwowa" pamene ndime yowatchula inachoka. Masipelo mukonze pano tsopano. Msungichuma awonkhetsenso manambala ndi kuona kuti a m'lipoti akufanana ndi a m'Chophatikiza A, chifukwa akasiyana ndi R50 yokha msonkhano wonse udzathera pamenepo. Potumiza, lipoti ndi zophatikiza zikhale mu PDF imodzi yokhala ndi manambala a masamba. Mafayilo anayi osiyana amabalalika pagulu, wina n'kutsegula malisiti okha.