Pansi pakuthwanima, ndikakonza pakuchita chimbuuzi

"Akuluakulu, ndikuphunzira OpenGL ndipo ndayala pansi pa matailosi akuda ndi oyera. Pafupi pali bwinobwino, koma chapatali pakuthwanima ndikamayendetsa kamera. Nditayatsa mipimapu kuthwanima kwatha, koma pakuchita chimbuuzi. Ndalakwitsa pati?"

Achimwene, khodi yanu ilibe vuto, kungoti ntchito mwaisiyira panjira. Mavuto awiriwa gwero lake ndi limodzi: kadontho kamodzi ka pa sikirini, pikiseli, kakuphimba timadontho tingati ta chithunzi chimene mwamata pansipo, timene timatchedwa matekiseli.

Tinene kuti chithunzi chanu ndi cha 1024 ndi 1024. Pafupi ndi kamera, pikiseli imodzi imagwera pa tekiseli imodzi kapena kucheperapo, ndiye zonse zimaoneka bwino. Chapatali pikiseli yomweyo ikhoza kuphimba matekiseli makumi angapo, ena akuda ena oyera. Mtundu woyenera pamenepo ndi wotuwa, monga mmene chitenje cha timaluwa ting'onoting'ono chimaonekera cha mtundu umodzi munthu akakhala patali. Koma popanda mipimapu, khadi la zithunzi limangotola tekiseli imodzi, kapena zinayi zoyandikana, n'kusiya zina zonsezo. Kamera ikasuntha pang'ono chabe, pikiseli ija yatola choyera pomwe inali itatola chakuda. Kuthwanima kuja ndi kumeneko. Musataye nthawi ndi MSAA, iyo imasalaza m'mphepete mwa zinthu, m'kati mwa chithunzi chomatidwa sifikamo.

Mipimapu, njira imene Lance Williams anaifotokoza mu 1983, ndi kusakaniziratu mitunduyo pasadakhale. Pa chithunzi cha 1024 mumapanga china cha 512, kenako 256, mpaka kukafika pa kadontho kamodzi, masitepe 11 onse pamodzi. Malo owonjezera amene zimadya ndi gawo limodzi mwa atatu basi. Khadi limayeza matekiseli amene pikiseli yaphimba n'kusankha sitepe yoyenera: akakhala 2 m'mbali iliyonse limatenga sitepe 1, akakhala 4 sitepe 2, akakhala 16 sitepe 4.

Tsono chimbuuzi chikulowera apa. Pansi simupayang'ana maso ndi maso ngati khoma, mumapaona chopendekeka. Choncho malo amene pikiseli yaphimba si ofanana mbali zonse, ndi kamzere kowonda kotalikira kutsogolo. Tiyerekeze kuti kamzereko ndi matekiseli 2 m'lifupi ndi 16 m'litali. Masitepe a mipimapu anachepetsedwa mofanana mbali zonse, ndiye khadi liyenera kusankha nambala imodzi, ndipo limatenga yaikuluyo, 16, kuopa kuthwanima. Limapita pa sitepe 4, chithunzi cha 64 ndi 64. M'litali zakwanira ndendende, koma m'lifupi lasakaniza matekiseli 16 pomwe pamafunika awiri okha. Mizere ya matailosi yanu yasungunukira pamenepo.

Fyuluta ya anisotiropiki imakana kusankha nambala imodziyo. Imaona kuti 16 kugawa ndi 2 ndi 8, ndiye imatsika pa sitepe 1, chithunzi chakuthwa cha 512, n'kutola kasanu ndi katatu motsatira kamzere kaja, kenako n'kusakaniza. Manambala a 2x, 4x, 8x ndi 16x amene mumawaona m'magemu ndi malire a kutolako. Mukaika 4x pa chitsanzo chathuchi, khadi litola kanayi kokha, ndiye likakamizika kukwera pa sitepe 2; chimbuuzi chichepa koma sichitheratu. Ndipo 16x sikutanthauza kuti pikiseli iliyonse itola ka 16. Khoma limene mwaliyang'ana mwachindunji limatola kamodzi ngati kale, n'chifukwa chake pa makadi a masiku ano ine ndimangoika 16 osaganiza kawiri. Pa foni ndiye yambani mwayesa kaye liwiro.

```c
glGenerateMipmap(GL_TEXTURE_2D);
glTexParameteri(GL_TEXTURE_2D, GL_TEXTURE_MIN_FILTER, GL_LINEAR_MIPMAP_LINEAR);
glTexParameterf(GL_TEXTURE_2D, GL_TEXTURE_MAX_ANISOTROPY, 16.0f);
```

Dzina la mu mzere wachitatulo linalowa mu OpenGL 4.6, ngati yanu ndi yakale, lembani GL_TEXTURE_MAX_ANISOTROPY_EXT. Funsaninso khadi malire ake ndi GL_MAX_TEXTURE_MAX_ANISOTROPY, kapena GL_MAX_TEXTURE_MAX_ANISOTROPY_EXT pa yakaleyo, musanaike nambala.

Mzere wachiwiriwo muuyang'anitsitse. Ngati munalemba GL_LINEAR_MIPMAP_NEAREST, mudzaona malire odutsa pansi chopingasa, uku kwakuthwa uko kwachimbuuzi, akuyenda nanu limodzi mukamapita kutsogolo. Amenewo ndi malo amene khadi likudumpha kuchoka pa sitepe ina kupita pa ina. LINEAR wachiwiriyo amasakaniza masitepe awiri oyandikana, malirewo n'kuzimiririka.

Ena m'gulu muno akuuzani kuti mungoika GL_TEXTURE_LOD_BIAS pa -1 kuti pansi pathwe. Pathwadi mukaima chilili, chifukwa mwakakamiza khadi kutenga chithunzi chachikulu kuposa choyenera, koma mukangoyendetsa kamera kuthwanima kuja kubwerera.