Zithunzi za banja zizikhala malo atatu

"Foni yanga yabedwa mu minibasi, zithunzi zonse za chinkhoswe changa ndi za malemu mayi zapita. Ndagula ina. Ndichite bwanji kuti zisadzachitikenso?"

Pepani kwambiri achemwali. Musanataye mtima, lowani mu Google Photos pa foni yatsopanoyo ndi Gmail yomwe inali pa yakale ija, mwina zina mukazipezamo.

Ine ndimasunga mufoni, pa intaneti, ndi pa fulashi yomwe imakhala kwa mchimwene wanga. Memori khadi sindiyiwerengera, chifukwa wakuba amapita nayo limodzi ndi foni.

Mu Google Photos dinani kachithunzi kanu pamwamba kumanja, kenako Photos settings, muyatse Backup. Amapereka malo aulere okwana 15 GB, omwe mumagawana ndi Gmail komanso Google Drive. Ngati chithunzi chili 3 MB, zimalowa pafupifupi 5,000. Otha malo ndi mavidiyo, ndiye musankhe Storage saver kuti zizichepetsedwa kukula.

Apa ndi pomwe ambirife timagwa. Kuyatsa Backup sikutanthauza kuti zithunzi zakwera. Mafoni ambiri amadikira Wi-Fi, ndiye ngati mumangodalira bandulo atha kudikira chaka chathunthu. Ine zinandichitikira, ndinadzapeza zithunzi za ubatizo wa mwana zili phee mufoni miyezi isanu. Mu Backup momwemo lowani pa Mobile data usage mulole deta, mugule bandulo ya usiku, foni igone pa chaja. Kukacha muone ngati yalemba kuti Backup complete.

Chinanso, imangotenga zomwe mwajambula ndi kamera yanu. Zomwe achibale anakutumizirani pa WhatsApp, monga za mayizo mukazipemphanso, zimatsala mpaka mutayatsa WhatsApp Images pa Back up device folders. Koma muyambe mwafufuta maluwa a "mwadzuka bwanji" a m'magulu aja, apo ayi akuthera malo. Ndipo samalani: mukafufuta chithunzi muli mu Google Photos, chimachoka mufoni ndi pa intaneti pomwe. N'chifukwa chake malo achitatu amafunika.

Gulani fulashi ndi kachingwe ka OTG kolumikizira fulashiyo ku foni, kogwirizana ndi pobayira chaja pa foni yanu. Mwezi ukatha, tsegulani Files, mupeze foda ya DCIM, momwe mumakhala zojambula ndi kamera, ndi zithunzi za WhatsApp zija, musankhe Copy, osati Move. Mukamaliza tsegulani vidiyo yomaliza kukopedwa kuchokera pa fulashipo. Mafulashi achinyengo amalembedwa 64 GB pomwe m'kati ndi ochepa, amaonetsa mayina a mafayilo bwinobwino koma osatseguka. Ikatseguka, kaisiyeni kwa m'bale wodalirika, osati m'chikwama chomwe mumayenda nacho.

Dzina la Gmail ndi pasiwedi yake mulembe mu kope, muike pomwe mumasunga masatifiketi, makamaka ngati anakutsegulirani ndi ogulitsa foniwo. Nambala yakale ija mukaibwezeretsenso ku Airtel kapena TNM, chifukwa Google itha kutumiza kodi yolowera kumeneko.