Chala chikhala chanyamuka kale musanamalize moni

“Anzanga thandizeni maganizo. Ndimaphika makeke kuno ku Matawale. Ndinajambula kavidiyo ka masekondi 40 kotsatsa malonda anga, ndayika pa Facebook ndi pa TikTok. Manambala akuonetsa kuti anthu ambiri aonera, koma palibe ndi mmodzi yemwe wandiimbira. Wina wandiuza kuti vuto ndi masekondi atatu oyamba. Zoona masekondi atatu okha angaphe vidiyo yonse?”

Achemwali, amene anakuuzaniyo sanakunamizeni. Ndakaonera kavidiyo kanu kawiri ndisanalembe izi, ndipo keke ya ukwati ija ya nsanjika zitatu ndi yokongola zedi. Koma ikutulukira pa sekondi ya 14. Isanatulukire pali logo yanu ikuzungulira masekondi anayi, kenako inuyo mukukonza foni, kenako moni ndi kutchula dzina ndi kumene mumakhala. Ambiri amene mukufuna kuti aone kekeyo amakhala atapita kalekale.

Taganizirani mmene inuyo mumagwirira foni madzulo mukatha ntchito. Chala chachikulu chimakhala pa sikirini chikukankha mavidiyo mmwamba, ina pambuyo pa inzake. Simukhala pansi n’kuganiza kuti iyi ndionere kapena ayi. Chala chimapitiriza chokha, ndipo chimaima pokhapokha diso likagwa pa chinthu chimene lachizindikira msanga n’kuchifuna. Munthu sanabwere kudzafuna vidiyo yanu, yangomugwera pakati pa ya nthabwala ndi ya mpira. Komanso akudziwa kuti bandulo yake ikudyeka. Ndiye m’kanthawi kochepako amafuna adziwe zinthu ziwiri basi: ichi n’chiyani, nanga chikundikhudza ine? Logo siyankha funso lililonse mwa awiriwa kwa munthu amene sanamvepo za inu.

Chimene chimativuta ife n’chakuti tinaleredwa kuti nkhani siyamba popanda moni. Ukafika pakhomo pa munthu umayamba waodira, akupatse mpando, mulonjerane, kenako unene chimene wabwerera. Ndi khalidwe labwino ndipo sindikuti tilitaye. Koma pa sikirini simuli pakhomo pa munthu, muli pa depoti. Woitanira minibasi pa depoti ya Zomba sayamba ndi kufunsa mmene mwadzukira, amangoti “Limbe! Limbe!” ndipo amene akupita ku Limbe amatembenuka yekha. Anyamata ogulitsa mabulosi mu msewu wokwera Ku Chawe nawonso amangotukula mbale m’mwamba galimoto ikamabwera, chifukwa akudziwa kuti ikadutsa yadutsa. Moni mudzapereka bwinobwino munthuyo akakulemberani pa WhatsApp.

Palinso chifukwa china chimene sichioneka ndi maso. TikTok ndi Facebook saonetsa vidiyo yanu kwa aliyense nthawi imodzi. Amayang’ana zimene anthu oyamba kuiona achita nayo, ndipo chimodzi mwa zimene amawerengera kwambiri ndi kutalika kwa nthawi imene anthu akhala akuonera. Ngati ambiri akuidumpha ikangoyamba, imaonedwa ngati yosakopa ndipo siipititsidwa patali. Choncho chiyambi chofooka chimakupwetekani kawiri. Mumataya munthu amene wadumphayo, n’kutayanso ena ambiri amene vidiyoyo ikanawafikira.

Tsono za manambala akukusokonezaniwo. Nambala ya oonera imene imaoneka pa vidiyo ya TikTok imawerengedwa vidiyo ikangoyamba kusewera, ngakhale munthuyo adumphe pompo. Ndiye ikhoza kukhala yaikulu pamene amene anafika pa kekeyo ndi ochepa. Tsegulani vidiyoyo, pitani pa Analytics, muone Average watch time ndi kamzere kosonyeza pamene anthu akuchokera. Kamzereko kamayambira pamwamba n’kumatsika. Kakagwa chiphompho pa sekondi yoyamba kapena yachiwiri n’kukhala pansi mpaka kumapeto, vuto ndi chiyambi. Kakatsika pang’onopang’ono ngati msewu wochokera kuphiri, chiyambi chili bwino, mwina vidiyo yangotalika.

Ngati munalipirapo kuti Facebook ikutsatsireni, mu Ads Manager muli manambala atatu oti muwayang’ane: Impressions, kutanthauza kuti vidiyo yaonekera kangati pa sikirini za anthu, 3-second video plays, kangati yaoneredwa masekondi atatu kapena kuposa, ndi ThruPlays, kangati yaoneredwa masekondi 15, kapena mpaka kumapeto ngati ndi yaifupi kuposa pamenepo. Kuwerengera kwake n’kotere:

```
3-second video plays ÷ Impressions × 100
```

Tiyerekeze kuti vidiyo yaonekera ka 2,000 ndipo yapyola masekondi atatu ka 400. Ndiye kuti pa 100 alionse, 20 okha ndi amene anaima. Tiyerekezenso kuti ThruPlays ndi 40. Pa vidiyo yanu keke ikutulukira pa sekondi ya 14, ndiye amene anaiona sangapose 40 amenewo ndi ambiri. Mwa iwo ndi angati ali ndi ukwati kapena tsiku lobadwa mwezi uno, ndipo ali kuno ku Zomba? Mwina mmodzi, mwina palibe. Mukuona kuti foni kusalira sikutanthauza kuti anthu akana keke yanu. Sanaione n’komwe.

Ineyo ndinaphunzira izi mowawa. Mlamu wanga amagulitsa mpunga wochokera cha ku Chilwa, ndipo ndinamujambulira vidiyo imene ndinkainyadira kwambiri. Ndinadzuka m’mamawa kukajambula phiri la Zomba nkhungu itakuta pamwamba, ndinayika kanyimbo kofatsa, kamera ikutsika pang’onopang’ono kwa masekondi sikisi isanafike pa matumba. Ochepa amene anasiya ndemanga ankayamikira phiri. Mpunga palibe anautchula. Zinandipweteka chifukwa mlamu wangayo anali atawononga kandalama kake kulipira kutsatsa, ndipo ndine ndinamulimbikitsa. Titadula phiri lonse n’kuyamba ndi dzanja likutapa mpunga m’thumba, njere zikuyoyoka pakati pa zala, ndi mawu a mtengo wake pa sikirini, m’pamene anthu anayamba kufunsa kumene angaupeze.

Vidiyo yanu sikufunika kujambulanso yonse, zofunika zilimo kale. Pa sekondi ya 22 pali pamene mpeni ukulowa mu keke ya chokoleti, chidutswa n’kutuluka mkati mukuoneka kufewa kwake. Chiyambi chanu ndi chimenecho. Mu CapCut kapena pulogalamu iliyonse imene mumadulira, tengani kachigawo kameneko mukaike kutsogolo kwenikweni, ndipo muyambire pamene mpeni wagunda kale keke, osati pamene dzanja likuutola patebulo. Chithunzi choyambirira chikhale ndi chinthu chikuyenda, ndipo keke idzaze sikirini. Logo ipite kumapeto pamodzi ndi nambala ya foni, kapena ikhale yaing’ono pakona.

Pa chithunzi choyambacho lembani mawu ochepa, asapyole asanu kapena sikisi, oti munthu awerenge kamodzi osabwereza. Mwachitsanzo: “Keke ya ukwati, Zomba konkuno.” Liwu loti Zomba likugwira ntchito yaikulu pamenepo, chifukwa ndi limene likuuza mayi wa ku Chinamwali kapena wa ku Sadzi kuti izi si za ku Lilongwe, akhoza kuoda lero. Mawu olembedwa ndi ofunikanso chifukwa ambiri amaonera atatseka mawu, ali mu minibasi, ku ofesi kapena pabedi ana atagona. Zimene mukuyankhula m’masekondi oyambawo sazimva. Muwaike chapakati kapena chakumtunda pang’ono, poti m’munsi mwa sikirini mumaphimbidwa ndi dzina lanu ndi mawu ofotokozera, ndipo kumanja kuli mabatani aja a mtima ndi ndemanga.

Mukafuna kuyankhula, liwu loyamba likhale la nkhani. “Iyi ikukwana anthu 50” ndi chiganizo chimene wokonzekera chinkhoswe amatchera nacho khutu. Tsono dzina lanu libwere pambuyo, munthu atakhazikika kale.

Kanthu kena kamene ambiri timaiwala: netiweki ikafooka, vidiyo imayamba mosaoneka bwino isanayere, ndipo ena anatseka zoti mavidiyo aziyamba okha pofuna kusunga bandulo. Amenewa amangoona chithunzi chimodzi chongoima. Ndiye posankha Cover musalole kuti foni ikusankhireni, tengani pamene keke ikuoneka pafupi ndi powala. Mbali ya vidiyo imene munajambula m’khitchini ndi babu la usiku ikuoneka yachikasu. Tulutsani tebulo pakhonde m’mawa, pamthunzi, dzuwa lisanakwere, foni itaima choongoka.

Koma ndikuchenjezeni, chifukwa ena akamva zimenezi amapitirira muyezo. Amayamba ndi kukuwa, kapena kulemba kuti “Simukhulupirira zimene zachitika ku Mpondabwino”, kenako n’kuonetsa keke. Anthu amaimadi masekondi atatu, koma akazindikira kuti apusitsidwa amachoka nthawi imodzi, ndipo kamzere kaja mudzakaona kakugwa pa sekondi yachinayi kapena yachisanu. Choipa kwambiri n’chakuti amene mwaimitsawo ndi ofuna miseche, si ofuna keke. Bola kuimitsa anthu ochepa amene akufunadi chimene mukugulitsa. Chiyambi chimalonjeza, ndipo zotsatira zake ziyenera kukwaniritsa: mwaonetsa keke ikudulidwa, tsopano onetsani kukula kwake, mtengo, masiku angati oodera isanafunike, ndi ngati mumakaperekera nokha. Zonsezi zikhoza kukwana m’masekondi 15 kapena 20, ndipo 40 aja sakufunika.

Nambala ya 3 nayonso si yamatsenga. Yatchuka chifukwa ndi pamene Facebook imadulira powerengera. Pa YouTube batani lodumphira malonda limatuluka pakatha masekondi asanu, ndipo pa TikTok ambiri amachoka ngakhale masekondi awiri asanakwane. Pa WhatsApp Status ndi posiyanako, poti okuonerani ndi anthu amene ali ndi nambala yanu, amakudziwani, ndipo nkhope yanu ikhoza kuwaimitsa kuposa mmene ingaimitsire mlendo. Kumeneko moni wachidule salakwika. Kungoti Status imangokuuzani amene atsegula, siikuuzani kuti anaonera mpaka pati.

Mukakonza, yesani motere kuti mudziwe zoona osati zongoganiza. Pangani mavidiyo awiri ofanana chilichonse kupatula masekondi atatu oyamba, ina iyambe ndi mpeni mu keke ya chokoleti, ina ndi keke ya ukwati ikuzungulira. Muziike masiku osiyana koma ola lofanana, mudikire masiku awiri kapena atatu, kenako muyerekeze timizere tawo. Musafulumire kugamula ngati oonera ali 50 okha, amenewo ndi ochepa kwambiri, azibale anu okha akhoza kusintha nambala. Mukatero tumizani zithunzi za timizereto muno mugulu tidzaonere limodzi. Ine ndikuganiza kuti ya mpeni ndi imene ipambane, koma nyengo ya maukwati ikafika ya nsanjika zitatu ija ikhoza kundidabwitsa.